Mukalakwitsa mtengo mu imelo, mukonza bwanji?

Tiyerekeze kuti mumagwira ntchito m'sitolo ya zipangizo zomangira ku Limbe. Kasitomala wafunsa mtengo wa matumba 200 a simenti, inu mwamutumizira kotesheni pa imelo: K25,000 thumba limodzi, onse pamodzi K5,000,000. Madzulo mukuzindikira kuti munayang'ana pa mndandanda wakale, mtengo weniweni ndi K29,000. Ndalama zokwana K800,000 zapita ndi mphepo. Amalonda ambiri akukumbukira zotere kuchokera mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo n'kumasintha ngati nyengo.

Ena amathamangira batani la Recall mu Outlook. Musalidalire, chifukwa limagwira pakati pa anthu a m'bungwe limodzi, ndipo silingachotse imelo yomwe yafika kale mu Gmail ya kasitomala. Enanso amangotumiza kotesheni yatsopano mwakachetechete, osanena kanthu. Apa ndiye poipa kwambiri, pakuti munthu amakhala ndi mapepala awiri, ndipo amene angalipire potengera lokwera mtengo ndani?

Yambani mwaimba foni, kenako lembani tsiku lomwelo. Yankhani pa imelo yolakwika ija ndi Reply All, kuti wa zachuma amene analandirako kope amvenso, ndipo pamutu onjezerani mawu oti "Kukonza mtengo". Nkhani ikhale m'chiganizo choyamba:

"Bambo, pepani, kotesheni yomwe ndinakutumizirani m'mawa ili ndi mtengo wolakwika. Ndinalemba K25,000 pa thumba m'malo mwa K29,000, choncho matumba 200 ndi K5,800,000, osati K5,000,000. Kulakwaku ndi kwanga. Chonde musagwiritse ntchito yoyambayo, yolondola ndaiphatika pano. Mundiuze ngati tipitirize."

Onani kuti mitengo yonse iwiri yalembedwa poyera, ndipo "pepani" ndi mmodzi yekha. Kupepesa ndime zitatu kumakwirira manambala, ndipo kuloza chala kompyuta kapena mnzanu wa mu ofesi kumangoonetsa kuti pakhomo panu palibe dongosolo. Kotesheni yatsopanoyo ikhale ndi nambala ndi tsiku lake, ndipo musanadine Send muitsegulenso. N'zochititsa manyazi kuphatikanso yakale yomwe ija.

Koma imelo ili ndi malire. Ngati kasitomala anavomera kale, watumiza chikalata choitanitsira katundu kapena walipira, nkhani yafika pa mgwirizano, ndipo simungangomulamula kuti awonjezere. Pamenepo mumapempha, ndipo musanalembe muonane ndi abwana, agamule ngati sitolo isenza K800,000 yonseyo, igawana ndi kasitomala, kapena ipereka mwayi wobweza ndalama. Ine ndimati ngati kusiyana kuli kochepa, lemekezani mtengo woyamba, koma mumuuzebe kuti unali wolakwika. Mukapanda kutero, mwezi wamawa adzabweranso ndi pepala lomwelo m'manja.