Pansi pa chithunzi cha malonda tilembe Chichewa, Chingerezi kapena zonse?

Kumapeto kwa mwezi kukayandikira, masitetasi a pa WhatsApp amadzaza ndi malonda: madiresi a kaunjika oyalidwa pabedi, makeke a ukwati, nkhuku zosadzula, zitenje zochokera ku Tanzania. Zithunzi zimafanana, koma mawu olembedwa pansi pake, omwe achinyamata amati kapishoni, amasiyana kwambiri. Wina walemba Chingerezi chokhachokha ngati sitolo yaikulu ya m'tauni, wina Chichewa chakumudzi, pomwe ambiri asakaniza monga amayankhulira m'minibasi.

Ogulitsa ambiri amasankha chiyankhulo poganizira mmene akufunira kuonekera. Chingerezi ndi chiyankhulo cha boma, cha mayeso ndi cha kubanki, choncho chimaoneka ngati chimakweza malonda. Chichewa, chomwe chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, ndicho anthu amanenererana nacho mtengo pamsika. Koma yankho la funsoli lili kale m'foni ya wogulitsayo, m'mauthenga a anthu omwe adamulipirapo.

Tiyerekeze mayi wa ku Area 25 mu Lilongwe amene amagulitsa mpunga wa Kilombero wochokera ku Karonga. Atsegule mauthenga a anthu 30 omaliza amene adatumizadi ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, aone uthenga woyamba wa aliyense. Woyambawo ndiye wofunika, chifukwa pambuyo pake wogula amangotsatira chiyankhulo chomwe wayankhidwa nacho. Tinene kuti anthu 20 adayamba ndi "Mpunga ulipo?" kapena "Mukupanga zingati?", asanu ndi awiri adasakaniza, ndipo atatu okha ndiwo adalemba Chingerezi. Poyamba zikuoneka kuti Chichewa chapambana, nkhani yatha. Koma aonenso kuti atatuwo adagula zochuluka bwanji. Ngati ndi malo ogona alendo kapena sukulu yogonera konko yomwe imatenga matumba a makilogalamu 50, mayiyu ali ndi makasitomala a mitundu iwiri, ndipo kapishoni imodzi siingawakwanire.

Ongoika chizindikiro cha chala kapena kamtima asawerengedwe. Ambiri mwa iwo ndi achibale ndi anzake a kutchalitchi.

Kwa ogula ochepaochepa aja, kapishoni yake ingakhale yotere, mitengoyi ili yongoyerekeza: "Kilombero watsopano wafika, wopeta kale, wopanda miyala. 5kg K20,000. Tili ku Area 25, timabweretsa pa kabaza mukalipira ya mayendedwe." Mawu okopa ndi otsimikizira ali m'Chichewa, chifukwa "wopanda miyala" akuyankha nkhawa yeniyeni ya munthu amene adalumapo mwala m'mpunga. Mtengo ndi kulemera kwake zili m'manambala. Palibe amene amalemba "zikwi makumi awiri" pamalonda. Amalawi amatchula ndalama, masaizi a nsapato ndi manambala a foni m'Chingerezi ngakhale chiganizo chonse chili m'Chichewa. Kusakaniza kwabwino kumatsata chizolowezi chimenechi. Kusakaniza koipa ndi kuja kolowetsa mawu a Chingerezi pofuna kumveka wophunzira, mpaka agogo ofuna mpunga wa pachinkhoswe sakumva kuti aitanitse bwanji.

Kwa a malo ogona alendo, mayiyu alembe uthenga wina wa Chingerezi, wachidule, wonena kukula kwa thumba, mtengo wopikulira, tsiku lobweretsa ndiponso ngati amapereka risiti. Wogula wa kumeneko mwina ndi Mmalawi woyankhula Chichewa tsiku lonse, koma uthengawo akautumiza kwa bwana kapena kwa wowerengera ndalama, ndipo mapepala a mu ofesi amayenda m'Chingerezi.

Ena amathetsa vutoli polemba zonse kawiri m'kapishoni imodzi. Zimatheka, koma Facebook imadula mawu akatalika n'kusiya See more, ndipo si onse amene amadinapo. Chiyankhulo cha ogula ambiri, pamodzi ndi mtengo, zikhale m'mizere iwiri yoyambirira.

Mayina a katundu wakwathu asamasuliridwe. Chambo chikalembedwa ndi dzina la Chingerezi la gulu lonse la nsomba zotere chimasanduka nsomba wamba, yofanana ndi ya m'damu lililonse, ndipo mtengo wake sumvekanso. Chimodzimodzi usipa, thobwa, nsinjiro ndi chitenje. Mmalawi wa ku Joni kapena ku Mangalande amene akufufuza pa Facebook wogulitsa ufa wa mgaiwa amalemba dzina lomwe adakula nalo. Anthu akunjawa ndiwo amasokoneza ogulitsa ambiri: amaganiziridwa kuti akufuna Chingerezi, pomwe chimene chimawaimitsa chala pofufuza ndi mawu akwawo.

Chichewa chili ndi msampha wakewake, womwe ndi ulemu. Chingerezi chimaitana mwana ndi gogo ndi liwu limodzi, koma Chichewa chimakakamiza wolemba kusankha pakati pa iwe ndi inu. "Gula lero" ingadutse kwa wogulitsa majuzi a mpira kwa anyamata anzake, koma kwa mayi wogula mpunga wa banja lonse imamveka mwano. Iye amayembekezera "Gulani" kapena "Tiimbireni". Mawu a achinyamata monga "dolo" ndi "boo" amagwira ntchito pa TikTok pogulitsa masiniikazi, koma wogulitsa mabokosi a maliro kapena mbewu ya chimanga akawayesa amataya ulemu womwe malonda akewo amadalira. Amene amayamba kulemba m'Chingerezi n'kumasulira liwu ndi liwu amagweranso m'dzenje lina. Mawu otchuka aja akuti Order now akasanduka "Odani tsopano" asintha tanthauzo, popeza kuoda pamsika ndi kugula zambiri zokagulitsanso. Wofuna makilogalamu awiri okha angaganize kuti sakumufuna.

Malo nawo amasintha zinthu. Wogulitsa wa ku Mzuzu amene makasitomala ake amalonjerana m'Chitumbuka salakwa kuyamba ndi "Monire" kenako n'kupitiriza m'Chingerezi kapena m'Chichewa, ndipo ku Mangochi moni wa m'Chiyao amatsegula makomo omwe ziyankhulo ziwirizi sizitsegula. Kuganiza kuti Mmalawi aliyense amasangalala kugulitsidwa malonda m'Chichewa ndi kulakwitsa komwe anthu a m'chigawo chapakati amachita kawirikawiri osazindikira.

Amene akukayikabe angayese yekha popanda kuwononga ndalama. Aike chithunzi chomwecho, mtengo womwewo, tsiku lomwelo la sabata ndi ola lomwelo, sabata ino m'Chichewa, sabata yamawa m'Chingerezi, yachitatu mosakaniza. Sitetasi ya pa WhatsApp imafufutika pakatha maola 24 ndipo imaonetsa omwe aiona, choncho n'kosavuta kulemba m'kope anthu angati aona, angati afunsa, angati alipira. Chosokoneza chachikulu ndi tsiku la malipiro: kapishoni yoikidwa anthu atangolandira idzaoneka yamphamvu ngakhale italembedwa moipa, pomwe ya pakati pa mwezi idzaoneka yofooka popanda chifukwa. N'chifukwa chake kuyesaku kuyenera kubwerezedwa mwezi wotsatira, ziyankhulo zitasinthana masabata.

Mafunso obwera amaululanso pomwe kapishoni yalephera. Anthu akamafunsa mtengo womwe walembedwa kale, ndiye kuti wabisika pansi pa mawu ambiri. Akamafunsa kuti "ndiye kuti chiyani?", Chingerezi chawapitirira. Ndipo ngati mayi wa mpunga uja walemba Chingerezi koma mayankho onse akubwera m'Chichewa, kapishoni ya thumba lotsatira ailembe m'Chichewa, Chingerezi achisungire a malo ogona alendo.