Malikisi a mapepala akale ndi giredi yomwe ungayembekezere

Ophunzira a Fomu 4 ambiri akamaliza kuchonga pepala lakale la MSCE amathamangira kufunsa kuti 58 peresenti ndi giredi yanji. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti nthawi zambiri peresenti yomwe akufunsirayo amakhala ataiwerengera molakwika.

Tiyerekeze kuti mu Bayoloje wapeza 52 pa 100 m'pepala loyamba, ndipo m'pepala la pulakitiko wapeza 30 pa 40, yomwe ndi 75 peresenti. Ambiri amaphatikiza 52 ndi 75 n'kugawa pawiri, ndiye amasangalala kuti afika pa 63.5. Apa ndi pomwe pali vuto. Pepala la malikisi 40 silingalemere mofanana ndi la malikisi 100, monga momwe chidebe cha chimanga sichingafanane ndi thumba. Phatikiza malikisi enieniwo: 52 ndi 30 ndi 82, ndipo 82 pa 140 ndi pafupifupi 59 peresenti. Malikisi pafupifupi asanu omwe unadziwonjezerawo angakusunthe giredi yathunthu. Ngati aphunzitsi ako akuuza kuti pepala lililonse limawerengedwa mwanjira ina, tsatira imeneyo.

Ngakhale 59 yemweyo usamukhulupirire msanga. Kodi unalemba wotchi ili patebulo, buku lili chitsekere? Funso lomwe unalionapo kale m'kalasi limayesa kukumbukira yankho basi. Komanso munthu akamadzichonga yekha amadzimvera chifundo, yankho lopereweza n'kulipatsa malikisi onse poti "ndimatanthauza zomwezo". Wochonga wa MANEB sadzakufunsa chimene umatanthauza. Choncho lemba mapepala a zaka zitatu kapena zinayi omwe sunawaonepo, mnzako kapena aphunzitsi achonge. Ukapeza 59, 51 ndi 55, dziwa kuti uli pakati pa 51 ndi 59, ndipo kukonzekera kwako kuyambire pa 51.

Magiredi a MSCE amayambira pa 1 kulekeza pa 9: 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kukhoza wamba, 9 ndi kulephera. Koma malire a magirediwa amakhazikitsidwa mayeso akachongedwa, poona kuvuta kwa pepala ndi momwe olemba achitira, motero angasiyane chaka ndi chaka, phunziro ndi phunziro. Tebulo la magiredi lomwe lili pa lipoti la kusukulu kwanu ndi la sukuluyo.

Njira yabwino yoyerekezera malire n'kupempha aphunzitsi ayang'ane malikisi a moko a ophunzira a zaka zapitazo, awayerekeze ndi magiredi omwe ophunzirawo anadzapeza. Ngati amene anapeza 8 ambiri anali cha m'ma 40 pa moko, malire okhozera akhale chapomwepo m'maganizo mwako, koma uwonjezerepo malikisi khumi odzitetezera. Yamba ndi Chingerezi kuchita zimenezi, chifukwa ukalephera phunziro limeneli satifiketi ya MSCE sungalandire.