Kuchoka pabolodi kupita muofesi: CV ya mphunzitsi isinthe pati?

Mphunzitsi wa kupulayimale m'dera la Mfumu Kanyenda m'boma la Nkhotakota sasowa koponya kalata akafuna kusintha ntchito. Pa Dwangwa pali fakitale ya shuga ya Illovo, kampani ya Ethco, mabanki komanso mabungwe a alimi a nzimbe, ndipo onsewa ali ndi maofesi. Chimene chimagwetsa aphunzitsi ambiri si kusowa luso ayi, koma CV, chikalata chofotokoza maphunziro ndi ntchito zimene munthu wagwirapo. CV yolembedwa pofunsira uphunzitsi imayankha mafunso amene wolemba kalaliki sakufunsa.

Wolemba ntchito ya muofesi amafuna kudziwa ngati munthu angathe kusunga mafayilo, kulemba makalata ndi maminitsi, kulondoloza ndalama ndi katundu, komanso kugwiritsa ntchito kompyuta. Zambiri mwa izi mphunzitsi amazichita kale, kungoti sazilemba poganiza kuti ndi zapambali chabe.

Tiyerekeze mayi wina amene waphunzitsa zaka 8 pasukulu ya ana 900. CV yake yakale ikuyamba ndi mudzi, mfumu ndi mpingo, kenako MSCE ndi satifiketi ya uphunzitsi. Pa ntchito pali mzere umodzi: kuphunzitsa masamu ndi Chichewa mu Sitandade 8. Komatu mayi yemweyu ndiye amasunga kaundula wa ana, amakonza malipoti opita kwa mlangizi wa sukulu za m'dera, amalembetsa ana mayeso a Maneb, ndiponso amalemba maminitsi a komiti ya sukulu.

Choyamba n'kusintha dongosolo. Pamwamba pakhale dzina, nambala ya foni ndi imelo basi. Pansi pake pabwere mizere itatu yonena ntchito imene akufuna ndi luso limene akubwera nalo. Kenako itsate ntchito imene wagwira, kuyambira ya posachedwapa, ndipo maphunziro atsike m'munsi. Zamudzi ndi mpingo zichoke, pokhapokha ngati chilengezo cha ntchito chazifunsa.

Chachiwiri n'kulemba ntchito iliyonse mosonyeza chimene anachita, kuchuluka kwake ndi komwe inkapita. Ngakhale CV imalembedwa m'Chingerezi, ganizo lake ndi ili: m'malo moti "ndinkathandiza pa mayeso", mayiyu alembe kuti "ndinkalembetsa ana 70 chaka chilichonse mayeso a Sitandade 8, kutsimikiza maina ndi masiku obadwa, n'kupereka nthawi isanathe". M'malo moti "ndinali m'komiti", alembe kuti "ndinkalemba maminitsi a komiti ya sukulu ndi kusunga malisiti a ndalama za boma zotukulira sukulu". Mizere yotere ikhale pamwamba, ya kuphunzitsa itsale umodzi kapena iwiri. Mawu a kusukulu monga ma sikimu ndi ma lesoni pulani amasuliridwe kuti kukonza ndondomeko ya ntchito ya teremu ndi ya tsiku, chifukwa wowerengayo mwina sanaphunzitsepo.

Apa pali malire oyenera kusamala. Dzina la udindo lisasinthidwe. Amene anali mphunzitsi alembe kuti mphunzitsi, osati woyendetsa ofesi ya sukulu. Wolemba ntchito akaimbira foni mphunzitsi wamkulu n'kumva zosiyana, mizere yoona yomwe imakayikiridwa. Manambala nawonso achoke m'kaundula, osati m'mutu.

Nkhani ya kompyuta ndiyo imavuta koposa, poti m'sukulu zambiri za kumudzi zonse zimalembedwa pamanja. Kungolemba kuti "ndimadziwa kompyuta" sikunena kanthu. Atchule pulogalamu ndi chimene amachita nayo: kutayipa makalata pa Microsoft Word, kapena kuwonkhetsa malikisi a ana pa Excel. Ngati sadziwa, aphunzire kaye, chifukwa pa ntchito zotere ofunsira amatha kupatsidwa kompyuta pomwepo kuti atayipe kalata kapena akonze tebulo.

Anthu omuchitira umboni asankhidwe potengera ntchito yatsopanoyo. Mphunzitsi wamkulu, mlangizi wa sukulu ndi wapampando wa komiti anaona malipoti ndi malisiti aja ndi maso awo, pamene mnzake wa kukoleji sangayankhe za izo. Onse apemphedwe kaye asanalembedwe.

CV ikatha isapitirire masamba awiri, ndipo potumiza pa imelo ikhale ya PDF kuti mizere isasokonekere. Njira yoiyesera ndi yapafupi: aipereke kwa munthu wogwira ntchito muofesi kuti aione kwa theka la mphindi, kenako amufunse ntchito imene mwini CV akufuna. Akayankha kuti uphunzitsi, ndiye kuti tsamba loyamba likufunika kulembedwanso.