Mpando umodzi, okwera awiri: mmene HashMap imasungira zinthu

Pulogalamu yogulitsira matikiti a basi ikhoza kugulitsa mpando umodzi kwa anthu awiri popanda kuonetsa chizindikiro chilichonse chakuti zinthu zalakwika. Kompyuta siima, uthenga wochenjeza suoneka, ndipo amene analemba pulogalamuyo akaiwerenga mzere ndi mzere amaona ngati zonse zili m'chimake. Kawirikawiri vuto lotere limachokera pa njira ziwiri zing'onozing'ono zimene ziyenera kuyendera limodzi, `hashCode` ndi `equals`, ndipo kuti timvetse chifukwa chake tiyenera kusuzumira mkati mwa chida chotchedwa `HashMap`.

`HashMap` ndi chida cha m'chilankhulo cholembera mapulogalamu cha Java, ndipo inalowamo mu 1998. Ntchito yake ndi kusunga zinthu ziwiriziwiri: kiyi, ndi chimene kiyiyo ikulozera. Mu pulogalamu yathu ya matikiti, kiyi ndi mpando, tinene kuti basi nambala 3, mpando nambala 14, ndipo chimene ikulozera ndi dzina la amene wagula mpandowo. Mumaika ndi `put`, mumatenga ndi `get`. Chimene olemba mapulogalamu amaikondera ndi liwiro: kaya mwasunga zinthu 20 kaya 2,000,000, kupeza chinthu chimodzi kumatenga pafupifupi nthawi yofanana.

Liwirolo limachokera pa nzeru imene kalaliki aliyense wosunga mafayilo amaidziwa. Saunjika mafayilo onse pamulu umodzi n'kumafufuza kuyambira pamwamba. Amakhala ndi mabokosi, ndi lamulo lomuuza bokosi la fayilo iliyonse, moti akafuna fayilo amatsegula bokosi limodzi lokha. `HashMap` yatsopano imayamba ndi mabokosi 16, owerengedwa kuyambira 0 mpaka 15. Funso ndi lakuti, imadziwa bwanji bokosi la kiyi?

Imafunsa kiyiyo. Chinthu chilichonse mu Java chili ndi njira yotchedwa `hashCode`, imene imabweza nambala imodzi yoimira chinthucho. Pa mpando wathu, wolemba pulogalamu akhoza kuilemba motere:

```java
@Override
public int hashCode() {
    return 31 * basi + nambala;
}
```

Basi 3, mpando 14: 31 kuchulukitsa ndi 3 ndi 93, kuwonjezera 14, tikupeza 107. Mabokosi alipo 16 okha, choncho `HashMap` imatenga chotsala tikagawa 107 ndi 16. Zimalowamo ka 6, kutsala 11. Mpandowo ukupita m'bokosi 11. Kwenikweni kompyuta sigawa, imagwiritsa ntchito `(n - 1) & hash`, yomwe imapereka yankho lomwelo mwachangu chifukwa chiwerengero cha mabokosi nthawi zonse chimakhala cha mtundu wa 16, 32, 64, kumangowirikiza kawiri. Isanatero imayamba yasakaniza theka la pamwamba la nambalayo ndi theka la pansi, kuti manambala aakulu osiyana kumayambiriro kokha asadzazane m'bokosi limodzi; pa nambala yaing'ono ngati 107 kusakanizako sikusintha kanthu.

M'bokosimo simulowa kiyi ndi dzina zokha. `HashMap` imasunganso nambala 107 ija pambali pa kiyiyo. Kumbukirani zimenezi, chifukwa mavuto onse amene tikambe akuzungulira pa nambala yosungidwayi.

Tsopano wina wagula mpando 29 m'basi 2. Kuwerengera kwake ndi 62 kuwonjezera 29, kupeza 91, ndipo 91 tikagawa ndi 16 kumatsalanso 11. Makiyi awiri akumana m'bokosi limodzi. Zimenezi si vuto, zimachitika tsiku ndi tsiku. `HashMap` imangowalumikiza mu mndandanda, woyamba kulozera wachiwiri. Munthu akafunsa za mpando 29 wa basi 2, imatsegula bokosi 11 n'kuyamba kuyerekeza manambala osungidwa aja: 107 si 91, ndiye ikudutsa, 91 ndi 91, ndiye ikuima.

Koma kuima sikutanthauza kuti yapeza. Taonani mpando 45 wa basi 2: 62 kuwonjezera 45 ndi 107, nambala yomweyo ya mpando 14 wa basi 3, chikhalirecho ndi mipando yosiyana kotheratu. Ngakhale mawu wamba amachita zomwezi mu Java: `"Aa"` ndi `"BB"` onse amabweza 2112. Apa ndi pamene `equals` imalowera. Manambala akafanana, `HashMap` imafunsa funso lomaliza: kodi makiyi awiriwa ndi chinthu chimodzi? Pa mpando, `equals` yolembedwa bwino imayang'ana ngati basi ndi yomweyo komanso nambala ya mpando ndi yomweyo. Ntchito yagawika chonchi: `hashCode` imalozera bokosi, `equals` imatsimikiza mwini wake.

Lamulo lomanga ziwirizi ndi la mbali imodzi. Zinthu ziwiri zimene `equals` ikuti n'zofanana ziyenera kubweza `hashCode` yofanana. Zinthu zosiyana zikhoza kugawana nambala imodzi, monga taonera, ndipo palibe chimene chimawonongeka. Koma zofanana zikabweza manambala osiyana, makina onse asokonekera.

Umu ndi mmene mpando umagulitsidwira kawiri. Wolemba pulogalamu wapanga mtundu wake wa kiyi wotchedwa `Mpando`, walemba `equals` mosamala, koma `hashCode` waiiwala. Java sidandaula, chifukwa mtundu uliwonse umalandira kale `hashCode` ya kholo la mitundu yonse, `Object`. Koma `hashCode` yolandira imeneyi siyang'ana zimene zili mkati mwa chinthu. Imasiyanitsa chinthu chilichonse chopangidwa ndi `new` pachokha, moti mipando iwiri yolembedwa zofanana ndendende imakhala ndi manambala osiyana pafupifupi nthawi zonse.

```java
malo.put(new Mpando(3, 14), "woyamba");
malo.get(new Mpando(3, 14));   // null
```

Mzere woyamba wasunga mpando m'bokosi lina. Mzere wachiwiri wapanga kiyi yatsopano, nambala yake ndi ina, ndipo `HashMap` yapita kukafufuza kwina. Yankho ndi `null`, kutanthauza kuti palibe. Pulogalamu ikuganiza kuti mpando ulibe munthu, ikuugulitsanso. Ena amaganiza kuti mwamwayi makiyi awiriwo akagwera m'bokosi limodzi zinthu ziyenda, poti mabokosi ndi 16 okha. Ayi. Nambala yosungidwa ija imayerekezedwa poyamba, ndipo ikasiyana, `equals` siitanidwa n'komwe. Ntchito yonse imene munthu anagwira polemba `equals` yangopita pachabe.

Vutoli limadziwika ndi zizindikiro zake. `get` imabweza `null` pa chinthu chimene mwangoika kumene. `size` imangokwera pamene mukuika kiyi yomweyo mobwerezabwereza, pomwe imayenera kukhala pamodzimodzi. Ndipo mukasindikiza zonse zimene zili mu `HashMap`, mpando 14 wa basi 3 ukuoneka kawiri, wina ndi dzina ili, wina ndi dzina ilo. Chimene chimapusitsa ambiri n'chakuti poyesa pulogalamu amagwiritsa ntchito kiyi imodzimodziyo poika ndi potenga, ndipo zikatero zimayenda bwinobwino. Vuto limatulukira pamene kiyi yapangidwa kachiwiri kuchokera pa zimene kasitomala walemba.

Pali msampha wina umene ine ndimauona kuti ndi woopsa kuposa woyambawu, chifukwa umagwira ngakhale amene walemba njira zonse ziwiri molondola. Ndi kusintha kiyi itasungidwa kale. Mpando 14 wa basi 3 uli m'bokosi 11, ndi nambala yake 107. Wokwera wapempha kusuntha, ndipo pulogalamu, m'malo mochotsa kiyi yakale n'kuika yatsopano, yangosintha 14 kukhala 15 mkati mwa kiyi yomweyo. `HashMap` siuzidwa kanthu. Mukafunsa mpando 15, nambala ndi 108, bokosi ndi 12, ndipo m'menemo mulibe. Mukafunsa mpando 14, mufika m'bokosi 11, nambala 107 igwirizana, koma `equals` ikana, chifukwa kiyi imene ili m'menemo tsopano ikuti 15. Chinthucho chilipo, `size` ikuchiwerenga, koma `get` sichipeza, ndipo `remove` nayonso siingachichotse chifukwa imafufuza mwa njira yomweyo. N'chifukwa chake kiyi yabwino ndi imene singasinthidwe ikapangidwa. Mawu a mtundu wa `String` ndi otero, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zimene amagwiritsidwira ntchito kwambiri ngati makiyi.

Nanga zinthu zikachuluka? Mabokosi 16 sangasunge mipando masauzande popanda mindandanda kutalika. `HashMap` ili ndi malire, omwe ndi 0.75 ya chiwerengero cha mabokosi. Pa mabokosi 16 malirewo ndi 12, ndipo chinthu cha 13 chikalowa mabokosi amawirikiza kukhala 32. Chinthu chilichonse chimatsala pamene chinali kapena chimasunthira patsogolo ndi mabokosi 16. Mipando yathu iwiri ija imasiyana pamenepa: 107 tikagawa ndi 32 kumatsala 11, ndiye ukhala pomwepo, pomwe 91 imatsala 27, ndiye usamuka. Posamutsapo `HashMap` imagwiritsa ntchito manambala osungidwa aja osafunsanso `hashCode`, choncho kiyi yosinthidwa ija siipezekanso ngakhale mabokosi atawonjezeka.

Munthu akhozanso kutsatira lamulo koma n'kutaya liwiro. `hashCode` yomangobweza 1 pa kiyi iliyonse siphwanya lamulo lililonse, poti zofanana zikubwezadi nambala yofanana. Koma zonse zimadzazana m'bokosi limodzi, ndipo tabwerera ku mulu umodzi wofufuza kuyambira pamwamba. Kuyambira pa Java 8, ya mu 2014, mndandanda ukapitirira zinthu 8 m'bokosi limodzi, ndipo mabokosi akakhala 64 kapena kuposa, umasandulika nthambi zogawika pawiripawiri kuti kufufuza kufupike. Zimenezi zimachepetsa ululu, makamaka ngati makiyiwo amatha kusanjidwa motsatana, koma sizilowa m'malo mwa `hashCode` yomwaza makiyi bwino.

Kukonza n'kosavuta. Chilichonse chimene `hashCode` ikuwerengera chikhale chimene `equals` ikuyang'ananso, ndipo njira yosalakwitsa ndi kugwiritsa ntchito zigawo zomwezo mbali zonse ziwiri. Safunika kudzivutitsa ndi masamu: `Objects.hash(basi, nambala)` imawerengera yokha. Kuyambira pa Java 16, ya mu 2021, pali njira yachidule kwambiri:

```java
record Mpando(int basi, int nambala) {}
```

Mzere umodziwu umapanga kiyi imene manambala ake sangasinthidwe, ndipo Java imailembera yokha `equals` ndi `hashCode` zogwirizana. Pamene `record` siingagwiritsidwe ntchito, kuyesa kwake n'kwachidule: pangani makiyi awiri osiyana ndi `new` koma okhala ndi zamkati zofanana, muike ndi woyamba, mutenge ndi wachiwiri, kenako muikenso ndi wachiwiriyo n'kuona ngati `size` idakali 1.