Musanatumize ndalama, onani kuseri kwa batani

Malonda a kaunjika asamukira pa foni. Wogulitsa amatsegula belo, kusankha jinzi kapena chikwama chooneka bwino, kujambula, n'kuika chithunzi pa WhatsApp kapena pa Facebook. Wogula sakhudza nsalu, sayeza, amangodalira maso. Pamenepa m'pamene tizitsulo ta pa chovala timathandiza: zipi, mabatani ndi mariveti, timisomali tija timakhomedwa m'ngodya za matumba a jinzi. Lebulo yansalu aliyense akhoza kuisokerera pa chovala china, koma kusindikiza zilembo pa chitsulo kumafuna makina a m'fakitale, ndipo opanga zachinyengo amakonda kuchita mphwayi pomwe akuganiza kuti wogula sayang'anapo.

Titenge chitsanzo cha jinzi ya Levi's 501. Tinene kuti wogulitsa wakutumizirani chithunzi, akuti ndi yeniyeni, yakale, ya m'zaka za m'ma 1960, ndiye mtengo wake ndi wokwera. Choyamba m'pempheni ajambule riveti imodzi pafupi. Mariveti ndiwo chiyambi cha jinzi imeneyi: pa 20 Meyi 1873, telala Jacob Davis ndi wamalonda Levi Strauss analandira chilolezo cha boma la Amereka choteteza luso lolimbitsa matumba ndi timisomali tamkuwa. Pa mariveti a 501 pamaoneka zilembo za dzina la kampani, L.S.&CO., nthawi zambiri pamodzi ndi S.F., kuimira mzinda wa San Francisco. Zilembozo zikhale zakuya mofanana ndiponso zotalikirana bwino. Zikaoneka zofufutika mbali imodzi ngati zasungunuka, kapena riveti ilibe chilembo n'chimodzi chomwe, yambani kukayika.

Kenako m'pempheni atembenuze batani la m'chiuno ndi kujambula kuseri kwake. Pamenepo pamakhala nambala ya fakitale yomwe inasoka jinziyo. Yodziwika kwambiri ndi 555, ya fakitale ya mumsewu wa Valencia ku San Francisco, yomwe inatsekedwa mu 2002. Pa majinzi ambiri a m'zaka zapambuyo pake, nambala ya kuseri kwa batani imapezekanso pa kalebulo kam'kati kofotokoza za kachapidwe. Batani likanena zina, kalebulo n'kunena zina, ndiye kuti pali chomwe chasinthidwa kapena jinziyo si yeniyeni.

Nanga zaka zake? Kuyambira mu 1937, mariveti a matumba akumbuyo ankabisidwa pansi pa nsalu chifukwa ankakanda mipando ndi zishalo za akavalo. Cha mu 1966 anawachotseratu, m'malo mwake n'kumasoka ulusi wothinana. Choncho pemphani chithunzi cha m'kati mwa jinzi, kuseri kwa matumba akumbuyo. Tizitsulo tikaoneka pamenepo, nkhani ya wogulitsa ili ndi poyambira. Yang'ananinso kansalu kofiira ka m'mbali mwa thumba: kufikira cha mu 1971 dzina linkalembedwa LEVI'S, ndi E wamkulu, ndipo kenako anasintha n'kukhala e wamng'ono. Ngati jinzi ya wogulitsa wathuyu ili ndi e wamng'ono komanso kalebulo ka kachapidwe, ikhoza kukhala yeniyeni, koma si ya m'ma 1960. Dziwaninso kuti kampaniyi imasokanso mwadala masitayelo akale, E wamkulu ndi mariveti obisika zili pompo, ndiye chizindikiro chimodzi pachokha sichimaliza mlandu.

Zipi ndi yomwe imasocheretsa anthu ambiri, makamaka pa zikwama ndi majekete. Ena akangoona YKK pa chokokera amati basi, katundu ndi weniweni. YKK ndi kampani ya ku Japani yomwe Tadao Yoshida anaiyambitsa mu 1934, ndipo imagulitsa zipi kwa osoka osiyanasiyana, akuluakulu ndi ang'onoang'ono omwe. Zipi zake zimaberedwanso dzina. Komanso zipi imatha, telala wa pakhonde n'kuikapo ina. Mukafuna kudziwa ngati inasinthidwa, onani m'mbali mwake: ulusi wosiyana mtundu ndi wa chovala chonse, kapena timabowo ta singano ya msoko wakale, zimaulula. Pa chikwama, yerekezani zitsulo zonse. Chokokera, ngowe ya lamba ndi loko ziyenera kufanana mtundu ndi kalembedwe. China chikamawala ngati golide pamene china chasupuka n'kuonetsa chitsulo chotuwa, funsani chifukwa.

Chithunzi nachonso chili ndi malire. Kuwala kwa fulashi kumafufuta zilembo za pa chitsulo, kamera yakutsogolo nthawi zina imazitembenuza, ndipo WhatsApp imachepetsa chithunzi mpaka tizilembo tating'ono kusokonekera. Uzani wogulitsa ajambule masana pafupi ndi windo, kuwala kuchokere m'mbali kuti mithunzi ionetse zilembo, ndipo aike pepala lokhala ndi dzina lake ndi tsiku pambali pa katunduyo, kuopa kuti watola chithunzi cha wina.

Tizitsulo timagwira bodza msanga kuposa momwe timatsimikizira zoona. Riveti, batani, zipi ndi lebulo zikagwirizana, mukhoza kukambirana mtengo mtima uli m'malo. Wogulitsa akakana kujambula kuseri kwa batani, ntchito ya mphindi imodzi yokha, sungani ndalama zanu.