Mau Apachibale Sali Amodzi

Lero tiyambire pa msika wa Mlangeni, m'boma la Ntcheu. Mayi wogulitsa akanyamula kabichi nanena kuti, "Uyu ndi wamkulu," wangomuyerekeza ndi anzake. Koma akati "chikabichi," watiuza kuti kukula kwake nkodabwitsa. Mauwa ndi apachibale, koma kulemera kwao nkosiyana.

M'chaka cha 1852, Peter Mark Roget wa ku Mangalande anatulutsa buku losonkhanitsa mau ofanana matanthauzo m'magulumagulu. Mabuku otere amathandiza kukumbutsa liu loiwalika, koma kawirikawiri sanena pamene liulo liyenera kukhala.

Tiyerekeze kuti mwana wa sukulu walemba kuti, "Agogo anga ndi munthu wamkulu," ndipo afuna liu lina. Pamndandanda wapeza wamtali, wonenepa ndi chimunthu. Akasankha wamtali wanena za msinkhu. Akasankha wonenepa wanena za thupi. Akalemba chimunthu watukwana, pakuti chi- amene amatamanda kabichi amatha kunyoza munthu. Chonsecho iye amanena za zaka ndi ulemu.

Njira yoyesera nayi: funsani liu lotsutsana nalo. Wamtali atsutsana ndi wamfupi, wonenepa ndi woonda, koma wamkulu wa m'chiganizo chija atsutsana ndi mwana. Otsutsana akasiyana, dziwani kuti mauwo sangalowane m'malo.

Tsono buku likupatseni liu, koma chiganizo ndicho chiweruze. Tsalani bwino.