Mayina 200 m'kope, ogula ndi angati?

Chionetsero cha zamalonda cha ku Chichiri mumzinda wa Blantyre chikatha, pafupifupi kampani iliyonse imabwerera ku ofesi ndi kope lodzaza mayina ndi manambala a foni. Abwana amaliona kopelo ngati ndalama. Wogulitsa amene wakhalitsa pantchito amadziwa kuti mwa anthu analembetsawo, ena ankangofuna cholembera chaulere, ena anali ana asukulu, ndipo ndi ochepa chabe amene adzatulutse ndalama.

Akatswiri a zamalonda amagawa ulendo wa munthu, kuchokera pomwe dzina lake lamveka mpaka pomwe wagula, m'magawo atatu. Loyamba ndi lidi, lomwe ndi dzina chabe la munthu amene mwina angagule. Lachiwiri ndi kasitomala woyenerera, amene wafunsidwa mafunso ndipo zaoneka kuti angathedi kugula. Lachitatu ndi mwayi wa malonda, pomwe pali katundu wodziwika, mtengo wodziwika ndi nthawi yomwe wogulayo apange chiganizo. Chimene chimasamutsa munthu kuchoka pa gawo lina kupita pa lina si chimwemwe cha wogulitsa ayi, koma umboni wochokera kwa wogulayo.

Tiyerekeze kampani yogulitsa mapampu a sola othirira mbewu, pampu imodzi pa K3,000,000. Kampaniyi yabwerako ku chionetsero ndi mayina 200. Onsewa ndi malidi. Chomwe chikudziwika za aliyense wa iwo n'chakuti anaima patebulo n'kusiya nambala, basi. Ntchito yoyenera pa gawo limeneli ndi yotchipa komanso yachangu: kuimba foni kwa mphindi zochepa kapena kulemba uthenga pa WhatsApp. Kuthira mafuta m'galimoto kupita ku Chikwawa kukaona munthu amene sanafunsidwe kanthu n'kuwononga ndalama za kampani. Tinene kuti mwa anthu 200 aja, 120 ayankha foni.

Apa ndiye pagona ntchito yeniyeni, yopeta. Njira yodziwika kwambiri yopetera imatchedwa BANT, ndipo inachokera ku kampani ya makompyuta ya IBM ku America. Imafunsa zinthu zinayi: ngati munthuyo ali ndi ndalama, ngati ali ndi mphamvu yovomereza kugula, ngati ali ndi vuto lomwe katunduyo angathetse, ndiponso nthawi yomwe akufuna kugula. Papepala mafunsowa amaoneka ophweka, koma pafoni safunsidwa mwachindunji choncho. Wogulitsa wanzeru safunsa mlimi kuti, "Muli ndi ndalama?" chifukwa palibe munthu wamkulu amene angayankhe kuti alibe. Amafunsa kuti, "Bambo, panopa mumathirira ndi chiyani, ndipo mumawononga zingati pa mwezi?" Mlimi amene amagula petulo wa injini sabata ndi sabata waonetsa kale kuti vuto lilipo komanso kuti ndalama zimadutsa m'manja mwake.

Funso la vuto lili ndi mbali ina imene ogulitsa atsopano amaiphonya, yakuti katunduyo angagwiredi ntchito pamalopo kapena ayi. Pampu yokhala pamtunda singakoke madzi omwe ali pansi kupitirira mamita 7 kapena 8. Ngati kampani ili ndi mapampu a mtundu umenewu okha, mlimi wa chitsime cha mamita 20 si woyenerera, ngakhale atabwera ndi ndalama m'chikwama. Kumugulitsa n'kudziitanira mlandu.

Funso la mphamvu ndiye limagwetsa ambiri. Munthu amene analembetsa dzina akhoza kukhala mlembi wa kalabu ya alimi, wolankhula bwino ndiponso wokonda pampuyo ndi mtima wonse, koma ndalama za kalabu sizituluka popanda msonkhano wa mamembala ndi siginecha ya wapampando ndi msungichuma. Mlembiyo ndi khomo lolowera. Kufikira wogulitsa atadziwa amene amasaina ndi tsiku lomwe amakumana, kalabuyo idakali lidi.

Nthawi nayo ili ndi kalendala yake. Mlimi wa fodya amayamba kugwira ndalama misika ya ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu ikatsegulidwa cha m'mwezi wa Epulo, ndipo ulimi wothirira umafika pachimake m'miyezi ya chilimwe. Amene wanena kuti adzaganiza za pampu akakolola chaka chamawa sayenera kufufutidwa m'kope, koma malo ake ndi pa mndandanda wa oti adzaimbiridwenso.

Tinene kuti pakutha pa kupetaku patsala anthu 40. Awa ndiwo makasitomala oyenerera. Akhoza kugula, koma palibe amene wayamba kugula.

Kusiyana kwa gawo lachiwiri ndi lachitatu n'kumene kumasokoneza anthu kwambiri. Kuyenerera kumanena za munthu, pomwe mwayi umanena za malonda enieni amodzi. Mwayi umabadwa wogula akachitapo kanthu kena komutayitsa nthawi kapena ndalama: walola kuti amisiri abwere kudzayeza dimba, wapempha mtengo wolembedwa wa pampu yakutiyakuti ndi mapaipi ake, wanena kuti komiti ikambirana Loweruka likubwerali. N'chifukwa chake kasitomala mmodzi akhoza kukhala ndi mwayi uwiri, wina wa pampu chaka chino, wina wa thanki mtsogolo. Mapulogalamu osungira mbiri ya makasitomala amatsata maganizo omwewa. Mu Salesforce, dzina latsopano limalowa ngati `Lead`. Likapetedwa, wogulitsa amadina `Convert`, ndipo dzinalo limasanduka `Account` ndi `Contact`, pamodzi ndi `Opportunity` ngati malonda enieni alipo. Pa `Opportunity` pulogalamuyo imaumirira kuti palembedwe `Stage` ndi `Close Date`, ndiye kuti pomwe nkhani yafika ndi tsiku loyembekezera kumaliza.

Koma kupempha mtengo wolembedwa pakokha si umboni wokwanira. Maofesi ambiri, aboma ndi a mabungwe omwe, amafuna makoteshoni atatu asanagule chinthu, ndipo nthawi zina wogula amakhala atasankha kale kokagula, akungofuna mapepala awiri odzazitsira failo. Zizindikiro zake sizivuta: akufuna pepalalo lero lomwe, sakufunsa kanthu za pampuyo, ndipo sakufuna kuti aliyense akaone malowo.

Mwa anthu 40 aja, tinene kuti 12 afika pa mwayi weniweni. Masamu ake tsopano ali motere. Mapampu 12 pa K3,000,000 ndi K36,000,000. Ngati mabuku a kampaniyo akuonetsa kuti mwa mwayi utatu uliwonse umodzi ndiwo umathera pa kugula, abwana ayembekezere mapampu 4, kapena K12,000,000. Akanawerenga kope lonse lija akanaona K600,000,000, n'kuyamba kuthamangira ku banki kusaka madola oitanitsira katundu amene akanangochita fumbi m'nyumba yosungiramo.

Kugawaku kumathandizanso kudziwa pomwe pakudontha. Malidi akachuluka koma oyenerera n'kukhala ochepa, vuto lili pa kutsatsa, komwe kukukopa anthu olakwika. Oyenerera akachuluka koma osafika pa mwayi, kawirikawiri ndiye kuti ogulitsa akuchedwa kuimbanso foni kapena akulankhula ndi anthu osasaina. Mwayi ukamafera kumapeto, ayenera kuunikidwa ndi mtengo, kalipiridwe kapena opikisana nawo. Ndipo mwayi umene tsiku lake lomalizira lasunthidwa katatu, mwini wake osayankhanso foni, uyenera kutsekedwa ngati wolephera, chifukwa chake n'kulembedwa, kuti ndalama zake zichoke pa chiyembekezo cha mwezi umenewo.